Kanema wa pulogalamu ya maakaunti: yambani ndi kabuku ka ngongole

Funso: Akulu, ine ndili pa Nchalo, ndimaikira anthu a magolosale ndi ogulitsa zipangizo za ulimi pulogalamu yolembera maakaunti pa foni. Ndinajambula kanema wa mphindi 6 wofotokoza zonse, ndatumiza m'magulu a WhatsApp koma palibe wandiyimbira, mmodzi yekha anafunsa ngati ndikubwereketsa ndalama. Ndipange bwanji kanema wamfupi woti mayi wa pa golosale amve popanda chizungu cha maakauntanti?

Yankho: Achimwene, munthu anafunsa zobwereka ndalamayo musamuseke, ndi yekhayo amene wakuuzani zoona. Anatola mawu awiri, ngongole ndi foni, ena onse anamudutsa, ndiye anawalumikiza mmene amawadziwira iyeyo. Enawo ndikukayika ngati anafika olo pa mphindi yachiwiri. Ine ndinagwirapo za maakaunti ndipo pano ndimakonza timakanema tophunzitsira a mabizinesi ang'onoang'ono, nde ndikuuzani mmene ndikanapangira ndikanakhala pa Nchalopo: kanema mmodzi ayankhe funso limodzi, ndipo aonetse malonda amodzi kuchokera pomwe kasitomala watenga katundu mpaka pomwe wabwera kudzalipira. Zina zonse za pulogalamuyo zidikire kaye.

Funso limodzilo simusankha inu, ndipo simulitenga pa menyu ya apu. Menyu inakonzedwa ndi anthu oganiza ngati maakauntanti, pali za sitoko, pali malipoti, pali za msonkho, ndiye mukamatsatira menyu mumapezeka mukufotokoza mmene pulogalamu inamangidwira pomwe mayi uja akufuna kudziwa ngati ingamuchotsere mutu womwe umamupweteka. Pitani mukakhale pa benchi pa golosale ya kasitomala wanu mmodzi madzulo, mumvetsere zomwe amadandaula komanso mawu omwe amagwiritsa ntchito podandaulapo. Pa Nchalo yankho mukulidziwa kale. Malonda ambiri amayendera malipiro a ku esiteti ya nzimbe, anthu amatenga pakati pa mwezi n'kudzalipira mwezi ukatha, nde golosale iliyonse ili ndi kabuku kake, kothimbirira mafuta, masamba ena anathothoka, mwina mwana analembamo masamu a kusukulu. Ku Ngabu wogulitsa mankhwala opopera thonje ali ndi kabuku komweko, kungoti ngongole zake zimadikira mpaka mlimi atagulitsa. Onsewa funso lawo ndi limodzi: ndani sanandilipire, ndipo ndi zingati? Kanema wanu woyamba ndi ameneyo basi.

Tsopano za chizunguzo. Ambiri akamva kuti chotsani mawu ovuta amathamangira kumasulira, pa sikirini palembedwa Accounts Receivable iwo n'kumati "ndalama zoyembekezeka kulandiridwa". Aaa, zimenezo n'zovuta kuposa chizungucho, palibe amayankhula choncho pa msika wa Dyeratu. Chofunika si kupeza Chichewa cha mawuwo ayi, koma kunena chomwe munthu akuchita kapena chomwe akufuna kuona. "Anthu amene ali ndi ngongole yanu." Zatha. Mmalo monena kuti tikupanga Invoice, mumati "tikulemba zomwe atenga". Mawu a Debit ndi Credit asamveke olo kamodzi, ndipo chifukwa chake ndi ichi: mukagulitsa pa ngongole pulogalamu imalemba mbali ziwiri mkatimo, kwina kuti mwagulitsa, kwina kuti wakuti ali ndi ndalama zanu, ndipo akalipira imachotsa kwa iyeyo n'kuonjezera pa ndalama za m'manja. Ntchito imeneyo ndi yomwe munthu akugulira pulogalamu kuti asamaiganizire. Mukayamba kumuphunzitsa ndiye kuti mukumubwezera katundu yemwe amafuna kutula.

Koma pali mawu ena achizungu omwe simungawathawe, awa olembedwa pa mabatani. Amenewa munthu sakufunika kuwamvetsa, akungofunika kuwapeza. Ndiye muwatchule ndendende mmene alembedwera, kamodzi, nthawi yomwe chala chikudina, ndipo muonjezere malo kapena mtundu: "dinani batani lobiriwira m'munsimu, lalembedwa Save". Musati "sungani" pomwe pa foni palembedwa Save, mayi adzafufuza mawu oti sungani osawapeza, n'kukuyimbirani usiku. Manambala nawonso muwatchule mmene amatchulidwira pa malonda, twente sauzande, osati zikwi makumi awiri ngati nkhani za pa wailesi. Munthu asamamasulire ndalama m'mutu pomwe chala chanu chapita kale patsogolo.

Tiyeni tiikonze nkhaniyo ndi manambala ake. Kasitomala timutche mmene amalembedwera m'timabukumo, Bambo a njinga yofiira. Atenga mpunga, mafuta ophikira ndi sopo, zonse pamodzi K30,000. Apereka K10,000 pompo, atsala ndi K20,000. Pa 28 abwera ndi K15,000, atsala ndi K5,000. Manambalawa ndawasankha dala. Ndi ozungulira, woonera akhoza kuwerengera m'mutu asanaone yankho pa foni, ndiye foni ikaonetsa K20,000 yomwe iye waipeza kale, amaikhulupirira. Mukaika K27,850 kuchotsa K9,400 munthu amasiya kutsatira, amangoonera manambala akusinthasintha. Ndipo onani kuti palibe nambala yabwera kawiri ndi matanthauzo awiri. Akanapereka K15,000 poyamba n'kutsala ndi K15,000, woonera sakanadziwa kuti pa sikirini akuona yolipira kapena yotsala.

Masekondi asanu oyamba musaonetse foni, musaonetse logo, musapereke moni wautali wa "muli bwanji nonse kumene muliko, dzina langa ndine". Aoneke manja a mayi akuvundukula kabuku kaja, chala chikutsika pa mayina, ndipo mawu akuti:

"Mwezi watha. Mukudziwa amene sanakulipireni, ndi ndalama zingati?"

Kenako pompo, masekondi ena asanu ndi limodzi, mutseke khomo lomwe analowera wofuna kubwereka uja:

"Iyi si ngongole ya pa foni ayi. Ndi kabuku kanu komweka, koma kowerengera kokha."

Apa ndi pomwe foni ikuonekera koyamba, ndipo gawo ili ndi lalitali kuposa onse, lipatseni masekondi 25 kapena kuposerako pang'ono. Mabatani a pa apu yanu mwina alembedwa mosiyana ndi omwe ndikuikawa, mutchule anuwo:

"Bambo awa atenga mpunga, mafuta ndi sopo, zonse K30,000. Apereka K10,000. Dinani apa, pa New Sale. Sankhani dzina lawo. Lembani zomwe atenga. Apa lembani zomwe apereka. Dinani Save."

Mukhale chete masekondi awiri, nambala ioneke, kenako:

"Onani. Yawerengera yokha, atsala ndi K20,000."

Kenako tsiku lolipira, masekondi ngati 15:

"Pa 28 abwera ndi K15,000. Musalembe ngati malonda atsopano. Tsegulani dzina lawo, dinani Receive Payment. Atsala ndi K5,000."

Ndiye mubwerere ku funso munayamba nalo, pa sikirini paoneke mndandanda wa mayina anayi kapena asanu, osaposa:

"Madzulo dinani apa, muona onse amene ali ndi ngongole yanu, ndi ndalama zonse pamodzi."

Pomaliza nkhope yanu, mtengo wa pa mwezi, nambala yanu ya foni ikhale pa sikirini masekondi osachepera asanu ndi limodzi kuti munthu athe kuikopera, ndi chinthu chimodzi chokha choti achite: "Ndiyimbireni, ndibwera kudzakuikirani." Osati ndiyimbireni, komanso lowani pa tsamba lathu, komanso tumizani kwa anzanu. Chimodzi.

Mukawerenga mawu onsewa safika olo 120, koma kanema akwana masekondi 75 mpaka 80. Kusiyanako ndi chete, ndipo cheteyo musamudule poganiza kuti ndi nthawi yotayika. Diso limafunika nthawi kuti lipeze pomwe chala chadina, ndipo munthu sangamvetsere chiganizo chatsopano uku akufufuza batani la chiganizo chapitacho. Njira yodziwira kutalika ndi kuwerenga mokweza ndi sitopuwotchi ya pa foni, mofatsa ngati mukuuza azakhali anu, osati kudalira malangizo a pa intaneti a mawu angati pa mphindi, amenewo anawerengera Chingerezi, mawu athu ndi aatali, "sanakulipireni" ndi liwu limodzi pa pepala koma pakamwa limadya nthawi ya mawu anayi achizungu. Mukapitirira nthawi, chotsani chiganizo chathunthu. Musathamangitse pakamwa.

Chiganizo chija cha "musalembe ngati malonda atsopano" wina akuuzani kuti muchichotse poti kanema wotsatsa sayenera kunena zolakwika. Ine ndimachisiya, ndipo ndikuuzani chifukwa. Apa ndi pomwe anthu ambiri ongoyamba amagwera, chifukwa m'maganizo mwa wogulitsa ndalama ikalowa m'manja ndiye kuti wagulitsa. Ndiye bambo aja akabwera ndi K15,000, mayi adina New Sale. Taonani zomwe zichitike: pulogalamu ionetsa kuti wagulitsa za K45,000 pomwe katundu anatuluka ndi wa K30,000, ngongole ya bambo aja ikhalabe pa K20,000 pomwe yatsala ndi K5,000, ndipo ngati anasankhanso katundu polemba, sitoko ya mpunga itsika kawiri pomwe thumba linatuluka limodzi. Mwezi wotsatira mayi akalondola K20,000, bambo akalumbira kuti analipira, mkangano pakhomo pa golosale, ndipo mapeto ake onse awiri agwirizana chinthu chimodzi, kuti foniyo ndi yabodza. Wakutayani kasitomala ameneyo, ndi anzake a mzere wonsewo. Mungadziwe kuti wina akulakwitsa chonchi mukaona malonda ake akukwera modabwitsa masiku a malipiro koma mndandanda wa ngongole sukutsika. Masekondi atatu a chiganizo chimenechi ndi otchipa kuposa ulendo wa kabaza wokakonza mabuku a miyezi iwiri.

Za kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba ndazisiya dala, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri amalipira choncho. Zimabweretsa funso lachiwiri, loti ndalama ili m'bokosi kapena ili pa foni, ndi la chachitatu, la ndalama yomwe imadulidwa potapa. Ameneyo ndi kanema wina payekha, wabwinonso kwambiri, koma mukamulowetsa muno mwabwerera ku mphindi 6 zija.

Tibwere pa kajambulidwe. Yambani ndi mawu, zithunzi pambuyo. Ambiri amajambula sikirini uku akuyankhula, zotsatira zake ndi "eee", "dikirani kaye", "apa yachedwa netiweki", ndipo chala chimathamanga kuposa pakamwa. Jambulani mawu okha kaye mpaka amveke bwino, kenako muziwamvera m'makutu uku mukudina pa foni motsatira. Ubwino wina wa njira imeneyi mudzauona mukafuna kupita kumunsi, Bangula, Tengani, Nsanje boma mpaka ku Marka, komwe pa malonda anthu amamasuka ndi Chisena. Zithunzi zomwezo, mungopeza munthu woyankhula Chisena cha kumudzi ajambule mawu ena, mwapeza kanema wachiwiri osayambiranso. Asakhale inuyo ngati Chisena chanu ndi chophunzirira pa msika, anthu adzaseka katchulidwe n'kuiwala za pulogalamu.

Mawu ndi omwe amapha makanema ambiri kuposa zithunzi. Chithunzi chosaoneka bwino munthu amapirira, koma mawu a phokoso amangotseka. Maiki ya pa mahedifoni a waya ndi yokwanira, ikhale pafupi ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho, chipinda chikhale chokhala ndi matilesi ndi makatani osati chopanda kanthu chomwe mawu amabwerera. Fani muzime. Ndikudziwa, kuzima fani ku chigwa kuno mwezi wa Okutobala ndi chilango, n'chifukwa chake ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, chigayo chisanalire, njinga zamoto zisanayambe, komanso foni isanatenthe, paja foni yotentha imachedwa ndipo kujambula sikirini kumadukaduka. Nyimbo musaike, kapena ikhale pansi kwambiri moti mukakayika ngati ikumveka. Anthu adzaonera pa sipika ya itel pakati pa msika, nyimbo ndi mawu zimasakanikirana n'kukhala phala.

Pojambula sikirini, mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo ali ndi chojambulira chake, mumachipeza mukatsitsa kuchokera pamwamba. Musanayambe yatsani pomwe palembedwa Show touches on screen, kapena mawu ofanana nawo malinga ndi foni, kuti kadontho kazioneka pomwe mwadina, apo ayi woonera amangoona masamba akusintha okha ngati matsenga. Yatsaninso Do Not Disturb, uthenga wa kunyumba usatulukire pamwamba pakati pa kanema kkkk. Zilembo za foni muzikulitse mu Settings musanajambule. Ndipo polumikiza mu CapCut kapena InShot, nthawi iliyonse nambala yofunika ikaoneka, K20,000 ija ndi K5,000 ija, yandikitsani chithunzi kapena muilembe pamwamba ndi zilembo zazikulu. Simukufunika kulemba mawu onse oyankhulidwa m'munsi, manambala asanuwo ndi mayina a mabatani ndi okwanira, zambiri zimaphimba sikirini yomwe mukufuna aone. Kanema akhale choimirira, mmene anthu amagwirira foni. Ngati pulogalamu yanu ndi ya pa laputopu, musaonetse sikirini yonse, pa foni imaoneka ngati nyerere, dulani muonetse kagawo komwe kakudinidwako basi.

Chinthu china chomwe sindinyengerera: musajambule mabuku enieni a kasitomala wanu. Tsegulani golosale yongopeka mu apu, mayina ongopeka, ndipo kabuku ka m'masekondi oyamba kaja mulembe nokha. Nchalo ndi yaing'ono, kanema akazungulira m'magulu wina adzaimitsa n'kuwerenga kuti wakuti wa ku mpingo ali ndi ngongole ya K60,000 ya mafuta ndi shuga, ndipo mlandu umenewo udzagwa pa inu ndi pa mwini golosale.

Mitengo imakalamba msanga. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya m'mashelefu inasintha pa masiku ochepa, ndipo kanema aliyense wonena mtengo wa botolo la mafuta anasanduka nthabwala. Ndiye pakamwa muzinena ndalama zonse pamodzi, K30,000, osati mtengo wa chinthu chimodzichimodzi, ndipo gawo lomaliza lonena mtengo wa pulogalamu likhale kachidutswa kapadera koti mukhoza kukachotsa n'kuikapo kena. Koma mtengowo muunene ndithu. Kubisa mtengo kumapangitsa anthu kuganiza kuti ndi za mabwana a ku Blantyre ogwiritsa QuickBooks ndi Sage, n'kusayimba n'komwe.

Kukula kwa fayilo nako ndi nkhani, chifukwa munthu asanadine amayang'ana kanambala ka ma MB n'kuganizira bandulo yake. Kanema wanu wa mphindi 6 uja mwina ambiri sanamutsitse n'komwe. Masamu ake ndi osavuta: masekondi 75 pa 1 Mbps amapereka pafupifupi 9 MB, ndipo zojambula pa sikirini zimapanikizika bwino kwambiri poti mbali yaikulu ya chithunzi siyenda, nde mukhoza kutsika kuposa pamenepo zilembo zikuwerengekabe. Potulutsa mu apu yolumikizira sankhani 720p, osati 1080p kapena 4K. Ngati muli ndi laputopu yokhala ndi ffmpeg, pulogalamu yopanikizira makanema, mzere uwu umagwira:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "scale=720:-2" -c:v libx264 -crf 28 -c:a aac -b:a 64k wochepa.mp4
```

Nambala ya crf ikakwera fayilo imachepa koma zilembo zimayamba kusungunuka, zikatero bwererani pa 26 kapena 24. Kenako mudzitumizire nokha pa WhatsApp ku foni ina, yotchipa, muonere panja padzuwa, paja WhatsApp imapanikizanso kachiwiri. Ngati K20,000 ikuwerengeka pamenepo, zili bwino. Wa pa status mukonze wina wosapitirira masekondi 60 kuti asadulidwe pakati, chotsani gawo lolemba katundu mmodzimmodzi, lioneke litalembedwa kale.

Musanatumize kwa anthu onse, muyeseni pa anthu atatu omwe sanaionepo pulogalamuyi, ndipo asakhale abale anu kapena anyamata odziwa mafoni, akhale eni magolosale enieni, mmodzi wachikulire. Perekani foni, musalankhule kanthu, musaloze. Akamaliza musafunse kuti "mwamva?" chifukwa kwathu kuno munthu sangakuuzeni pamaso kuti sanamve, ayankha kuti "zili bwino kwambiri, mwayesetsa". Funsani zinthu zoti yankho lake likhoza kulakwika. Bambo aja atsala ndi zingati? Chimenechi chimathandiza chiyani, mungamuuze bwanji mnzanu wa golosale yoyandikana? Kenako mutsegule apu muwapatse: munthu watenga za K8,000 wapereka K3,000, talembani.

Mayankho awo amakuuzani pomwe pali bowo. Akati ndi zobwereketsa ndalama kapena zosungitsa ndalama ngati banki, vuto lili m'masekondi 11 oyamba. Akadziwa ntchito yake koma nambala yotsala yawasokonekera, mwathamanga pa manambala kapena simunawayandikitse. Akayankha zonse bwino koma chala chikuzungulira pa sikirini osapeza poyambira, simunaonetse komwe batani loyamba lili, kawirikawiri chifukwa munayamba kujambula muli kale mkati mwa tsamba, ndiye yambani pa sikirini yomwe munthu amaiona akangotsegula apu. Muyang'anenso nkhope akamaonera, pomwe maso achoka pa foni n'kuyang'ana kumsewu, lembani sekondi imeneyo, pali chiganizo chosafunika. Awiri mwa atatu akalemba K8,000 ija okha mpaka kuona K5,000 yotsala, tumizani. Wachitatu akakanika pamalo omwewo pomwe ena anazengereza, konzani kaye pamenepo.

Pali zomwe kanema wamfupi sangachite, ndipo musamukakamize. Kusamutsa ngongole zakale kuchoka m'kabuku kulowa mu apu, kuwerenga katundu yense wa m'shelefu tsiku loyamba, nkhani za VAT ndi MRA kwa omwe analembetsa, zimenezo ndi zokhala pansi ndi munthu, n'chifukwa chake kanema akuthera pa "ndibwera kudzakuikirani". Musalonjezenso zomwe pulogalamu sichita. Siyilondola ngongole, siyidziwa zomwe simunalembe, mwana akagulitsa masana osalemba ndiye kuti nambala yamadzulo ndi yolakwika. Mawu ngati "simudzaluzanso" asatuluke pakamwa panu. Ndipo mafunso awiri adzabwera ndithu, konzekerani mayankho oona: kodi imagwira netiweki ikasowa, nanga foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi mabuku anga apita? Kuno funso lachiwirili si lamasewera, anthu anataya timabuku ndi katundu pa madzi a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Ngati apu yanu imasungadi zolembedwa pa intaneti moti munthu akalowa pa foni ina amazipeza, yesani nokha kaye pa mafoni awiri, zikatheka ameneyo akhale kanema wanu wachiwiri, masekondi 40, foni imodzi izimitsidwe pa kamera, ina itsegulidwe, Bambo a njinga yofiira aoneke ndi K5,000 yawo. Ngati imasunga pa foni pokha, nenani choncho, ndipo muonetse mmene amapangira Backup.

Wa mphindi 6 uja musamufufute. Muonereninso ndi pepala, nthawi iliyonse mukamva mwayamba nkhani ina lembani mzere, mupeza mitu isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mutu uliwonse muusandutse funso la mwini golosale: lero ndagulitsa zingati, ndi katundu uti watsala pang'ono kutha ndisanapite kukaoda ku Limbe, ndalama ya pa foni ndi ya m'bokosi zikugwirizana? Muzitulutsa mmodzi pa sabata, golosale yongopeka yomweyo, makasitomala omwewo. Wa ngongoleyu mutumize cha pa 24 kapena 25, malipiro asanatuluke, nthawi yomwe timabuku tadzadza ndipo eni ake ayamba kuwerengera amene abwere ndi amene azembe.